Mabuleki a Mpongozi

Chipinda cha uphungu chinali kumapeto kwa khonde la chipatala, kuseri kwa kochapira nsalu. Munali mipando iwiri yosafanana, katebulo, kabati yachitsulo yokhoma ndi loko, ndi fani yomwe inkapukusa mutu uku ndi uku ngati munthu wokana mlandu. Phungu wa m'chipindamo anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Anamwino ankati ndi wouma mutu. Iye sankatsutsa.

A Sipanala anafika m'chipindamo atatumizidwa ndi dokotala. Magazi awo ankathamanga osamva mankhwala, ndipo tulo tinali titawathawa. Anali makaniko wachikulire, wa imvi m'ndevu mokha, ndipo oyilo anali atalowerera m'mizere ya m'manja mwawo moti sopo anagonja kalekale. Anakhala kunsonga kwa mpando, chipewa chili pabondo.

"Ndabwera chifukwa adokotala akana kundilembera mapilisi a tulo," anatero. "Ine si wamisala."

"Amisala sabwera kuno, amapita khomo linalo," anayankha phungu. "Kuno kumabwera anthu olemedwa. Koma musanatule kalikonse, bambo, ndikuuzeni kaye za chinsinsi, kuti muzidziwa poponda. Zimene mungandiuze muno zimatsala muno. Adokotala ndingowauza kuti mwafika. Ana anu sindiwauza, abwana anu sindiwauza, ngakhale amuna anga kunyumba samva kanthu. Ndimalemba pang'ono kuti ndisaiwale, n'kukhomera m'kabatimo. Pali mkulu wondiyang'anira amene ndimakambirana naye ntchito, koma osatchula dzina la munthu."

"Ndiye zili bwino."

"Sindinamalize. Chinsinsichi chili ndi polekezera. Ndikaona kuti moyo wanu uli pangozi, kuti mukufuna kudzipha, sindikhala chete. Mukandiuza kuti mukufuna kupha kapena kuvulaza munthu wina, ndipo ine ndaona kuti si mkwiyo chabe koma mwakonzadi, sindikhalanso chete."

"Mundiitanira apolisi?"

"Ngati njira zina zakanika, inde. Ndi munthu amene mukumufunayo ndimuchenjeza. Chimodzimodzi ndikamva kuti mwana, kapena munthu wosatha kudziteteza, akuzunzidwa. Chomaliza ndi khoti. Woweruza akalamula, ndimvera. Osati wapolisi wongobwera kudzafunsa, osati loya wongoopseza. Lamulo la khoti. Ndipo zikadzafika poti ndiulule, ndidzayamba ndauza inu, maso ndi maso, pokhapokha ngati kukuuzaniko kungaike munthu pangozi. Sindidzakhuthula thumba lonse. Ndidzanena zokhazo zoti munthu apulumuke. Tsopano tandibwezerani m'mawu anuanu, ndione ngati tamvana."

A Sipanala anaseka koyamba, kaseko kouma. "Mayeso? Chabwino. Ndikafuna kudzipha, mukuwa. Ndikafuna kupha mnzanga, mukuwa. Mwana akamazunzika, mukuwa. Woweruza akakugwirani pakhosi, mulavula. Nanga ndikakuuzani kuti ndinaikapo sipeya wakale m'galimoto ya munthu n'kumuuza kuti ndi watsopano?"

"Zimenezo ndi za inu ndi chikumbumtima chanu."

"Ndiye titha kucheza," anatero, n'kusaina pomwe anawalozera, n'kutsamira mpando.

Nkhani yawo inatuluka pang'onopang'ono, sabata ndi sabata, ngati bawuti ya dzimbiri. Akazi awo anamwalira kalekale n'kuwasiyira ana. Womaliza, mtsikana amene ankangomuitana kuti Mzime, anakwatiwa ndi mnyamata wa mu ofesi, wosavula tayi ngakhale Loweruka. A Sipanala ankamutchula kuti Chitayi. Miyezi ingapo mmbuyomo Mzime anagonekedwa m'chipatala chomwecho atathyoka mwendo ndi chiuno. Kwa madokotala ananena kuti anaterereka pamasitepe. Kwa bambo ake, atamutenga kupita naye kwawo, ananena zoona: anachita kukankhidwa, ndipo sikanali koyamba. Kupolisi anakana kupita. Kamtsikana kawo ka zaka zisanu kanali katatsala ndi Chitayi, ndipo Chitayi anali atanena kuti tsiku limene Mzime adzatsegule pakamwa, mwanayo sadzamuonanso.

Phungu anafunsa mwachindunji ngati kamwanako kankamenyedwanso. A Sipanala anati ayi, chilombocho chimakakonda ngati diso lake, ndipo Mzime nayenso ankanena chimodzimodzi. Phungu anawauza kuti akadzangomva zosiyana adzanene, ndipo anawafotokozera komwe Mzime angapeze thandizo akadzafuna yekha. Mzime anali munthu wamkulu. Kumukokera kupolisi sikunali kwa phungu, ngakhale mtima wake unkatentha.

Tsiku lina a Sipanala analira. Ananena kuti usiku amamumva Mzime akukwawa kupita kuchimbudzi chifukwa safuna kuwadzutsa, ndiponso kuti nthawi ina anamupeza atasonkhanitsa mapilisi m'kapu, iwo n'kuwataya m'ngalande. Pa zimenezo anakhalapo nthawi yaitali. Phungu anafunsa kuti zinachitika liti, ngati Mzime akulankhulabe za imfa, ndi amene amasunga mankhwala m'nyumbamo, ndipo anagwirizana kuti dokotala wa Mzime auzidwe ndi Mzime yemwe, bambo ake atamuperekeza. Anapitadi. Koma tsiku lolira lija, atatha kukambirana zimenezo, a Sipanala anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Mnyamata ameneyu ndingamuphe ndi manja angawa."

Phungu sanadzidzimuke. "Mukuganiza zomupha?"

"Tsiku lililonse."

"Mwakonza njira? Mwasankha tsiku?"

"Aa, amayi! Ndikungonena. Munthu asalankhule?"

"Lankhulani. Chipinda chino ndi cha zimenezo. Ndikanati ndiziitana apolisi pa aliyense wolakalaka mpongozi wake atafa, bwenzi galimoto yawo ikugona pakhomopa. Ndafunsa chifukwa ndimayenera kufunsa."

Zinatha choncho tsiku limenelo, ndipo palibe anamva kanthu.

Koma Lachinayi lina masana a Sipanala analowa atavala ovolosi yantchito, zomwe sankachita. Sanakhale kunsonga kwa mpando. Anakhala bwinobwino, nkhope ili yosalala, n'kunena kuti usiku wapitawo anagona ngati khanda.

"Chasintha n'chiyani?" anafunsa phungu.

"Mnyamata uja wabweretsa galimoto. Mmawa uno. Waiimika pagalaja, n'kundiponyera makiyi pamaso pa anzanga. Akuti, 'Apongozi, muione mabuleki, mawa ndili ndi ulendo wautali wa kumapiri.' Mkazi wake akuyendera ndodo m'nyumba mwanga, iye akunditcha apongozi. Sanafunse n'komwe kuti wadzuka bwanji." Anatambasula manja awo n'kuwayang'ana. "Ndiye ndiiona. Ili padzenje lokonzera galimoto panopa. Ndikachoka pano ndikaiona bwinobwino."

"Mukutanthauza chiyani, bambo?"

"Ndagwira mabuleki moyo wanga wonse. Ndikudziwa kuwachititsa kuti agwire m'tauni muno, akakane pamtsetse. Palibe angadziwe. Adzati ngozi."

Fani inapukusa mutu. Mawu a phungu sanasinthe.

"Mukundiuza kuti mukufuna kuwononga mabuleki kuti mpongozi wanu afe?"

"Mwamva bwino."

"Lero?"

"Adzaitenga poweruka."

"Mwaigwira kale?"

"Ndati ndikachoka pano."

"Nanga mdzukulu wanu? Sakwera galimoto imeneyo?"

"Akamusiya kwa azakhali ake usiku uno. Msewu wa kumeneko ulibe mitsetse. Ndaganiza zonse, amayi, musandiyese chitsiru."

"Ana a eni ake oyenda m'mbali mwa mtsetsewo mwawaganiziranso? Inuyo bwanji, mukatero mukufuna kudzichotsanso moyo?"

"Ine? Ndife chifukwa cha galu? Ndikhala ndi moyo, ndidzapita kumaliro nditavala tayi."

Phungu anakokera mpando wake pafupi. Anawauza kuti mkwiyo wawo akuumvetsa, ndipo sawauza kuti akhululuke. Anawafunsa chimene chawabweretsa kwa iye masana ano m'malo mongokachita mwakachetechete. Iwo anati anabwera chifukwa linali tsiku lawo, basi. Anawapempha kuti aimbire mwini galaja pompo, amuuze kuti galimotoyo aipereke kwa makaniko wina. Anakana. Anawapempha kuti asiye makiyiwo patebulo, aitanitse Mzime kapena mwana wawo wamkulu, akambirane onse. Anagwira thumba la ovolosi n'kupukusa mutu. Anawapempha kuti atsagane naye kwa dokotala, khomo lachitatu lokha, apume m'chipatala mpaka mawa lidutse.

"Ndakuuzani kuti ine si wamisala."

"Ndiye mverani, bambo. Tsiku loyamba ndinakuuzani polekezera chinsinsi, inu n'kundibwezera ndi pakamwa panu. Pamene paja tafikapo. Mwatchula munthu, njira muli nayo, makiyi ali m'thumba, nthawi ndi lero. Mukatuluka muno tisanagwirizane njira yoti munthuyo akhale wotetezeka, ndiimbira mkulu wanga, ndichenjeza mpongozi wanu, ndiuza apolisi. Ndikukuuzani pamaso monga ndinalonjezera."

Nkhope yosalala ija inaphwanyika. A Sipanala anaimirira, mpando n'kugwa chagada.

"Inu! Inu amene ndinakulirirani ngati mwana? Mukateteze chilombo chimene chinathyola mwana wanga? Pamene ankamukankha munali kuti ndi malamulo anuwo? Apolisi anali kuti?"

"Kunalibe. Ndipo n'zolakwika kuti kunalibe."

"Ndiye khalani chete! Simunamve kanthu. Ndani angadziwe kuti munamva?"

"Ine."

"Ndinu Yudasi."

"Nditchuleni chimene mungafune. Munthu ameneyo sindimukonda, ndipo sindinamuonepo n'komwe. Koma safa ine ndikudziwa, ndipo inu simukafera kundende ine ndikuonerera. Khalani pansi, tiimbe foni limodzi. Mukaimba nokha, nkhaniyi itha kuthera m'chipinda muno."

A Sipanala anatola chipewa chawo. Pakhomo anatembenuka. "Imbani. Tione adzafike msanga ndani."

Phungu sanawathamangire. Anatseka chitseko n'kuimbira mkulu womuyang'anira, bambo wodekha amene ankayankhula ngati akuwerenga nkhani za maliro pawailesi. Anamufotokozera mwachidule. Mkuluyo anafunsa ngati munthu woopsezedwayo akudziwika, ngati njira zina zayesedwa, ngati mwiniwakeyo wauzidwa. Atamva mayankho anati, "Imbani. Nenani zochepa. Mukatha mulembe zonse, nthawi ndi mawu ake enieni. Ndikubwera."

Phungu anaimbira apolisi n'kuwauza dzina la galaja, mtundu wa galimoto, ndi zimene zanenedwa. Nambala ya Chitayi analibe. Anali ndi ya Mzime, imene a Sipanala anapereka tsiku loyamba ngati ya munthu woimbira pakagwa zadzidzidzi.

Atamuimbira, Mzime anamvetsera osadula mawu.

"Amayi aphungu," anatero potsiriza, motsitsa, "bwanji mukanangochedwa kuimba?"

"Sindingathe."

"Mukudziwa zimene anandichita?"

"Zimene bambo anu anandiuza sindingakambe, ngakhale ndi inu. Chimene ndikudziwa n'chakuti galimoto ikagubuduzika, woyamba kufunsidwa ndi amene anaigwira komaliza. Mwana wanu atsala wopanda bambo, agogo ake ali kundende, inu muli pandodo. Ndipatseni nambala. Mukakana ndiipeza kwina, koma nthawi ikutha."

Mzime anatukwana, mawu amene phungu sankayembekezera kwa munthu wa mawu ofewa choncho. Kenaka anatchula nambalayo.

Chitayi anayankha mwaulemu wa mu ofesi. Phungu anadzitchula ntchito yake n'kunena kuti, "Galimoto yanu musaiyendetse. Apongozi anu anena kuti akufuna kuwononga mabuleki kuti muchite ngozi. Apolisi ndawauza. Ikokedwe, ikaonedwe kwina, ndipo inu musapite kugalajako."

"Mdala ameneyo? Wanena zimenezo kwa inu? Amabwera kwa inu kudzatani? Wanenanso chiyani?"

"Ndakuuzani zokhudza moyo wanu. Zina si zanu."

Phungu anadula foni. Anatenga cholembera n'kuyamba kulemba zonse monga anauzidwira.

Apolisi anawapeza a Sipanala atakhala patayala pafupi ndi dzenje, akumwa tiyi. Galimoto inakokedwa. Makaniko wina anaifufuza paliponse n'kupeza kuti mabuleki anali bwinobwino, palibe chimene chinakhudzidwa. A Sipanala anatengedwa, anafunsidwa, anachenjezedwa kuti asayandikire mpongozi wawo, n'kumasulidwa tsiku lomwelo. Koma mwini galaja anawauza kuti ayambe apuma kunyumba, poti palibe kasitomala angasiye galimoto kwa makaniko amene apolisi anamutenga chifukwa cha mabuleki.

Nkhani inafika kuchipatala isanakwane sabata. Anamwino ankasiya kulankhula phungu akamadutsa. Mayi wochapa nsalu, amene ankagawana naye shuga wa tiyi, anamuuza mosabisa: "Mwamuchotsetsa ntchito mkulu wosalakwa. Galimoto inali bwinobwino. Anthu akuti m'chipinda mwanumo makoma ndi obooka." Anthu awiri amene ankabwera kudzalandira uphungu anasiya kubwera.

Phungu sakanatha kudziteteza popanda kuulula zambiri, choncho sanayankhe za a Sipanala. Anangoti, "Aliyense wolowa muno ndimamuuza pomwe makoma amathera. Mukafuna kumva, bwerani mudzakhale pampando." Ndipo tiyi ankamwerabe pakhonde pomwepo, pamaso pa onse, osabisala.

Kenaka Chitayi anabwera yekha. Anali wamtali, wonunkhira, tayi yabuluu. Anabwera ndi wapolisi wina wachinyamata amene ankaoneka kuti ndi mnzake, poti ankaitanana kuti achimwene. Anakhala pampando wa a Sipanala asanauzidwe.

"Choyamba ndithokoze, amayi. Munapulumutsa moyo wanga. Anthu ngati inu ndi osowa." Anamwetulira. "Tsopano tithandizane. Mkazi wanga wakasuma kukhoti kuti atenge mwana. Mwana wanga akakhale m'nyumba ya munthu wofuna kupha anthu, ndi mayi amene mutu wake sukuyenda bwino? Ndikudziwa kuti mdalayo ankakuuzani za mkazi wanga. Ndikufuna fayilo ya mdalayo. Ndi nkhani yoteteza mwana, ndipo ndamva kuti pa za ana simubisa."

"Muli ndi lamulo la khoti?"

Wapolisi uja anakhosomola. "Amayi, tikufufuza nkhani. Mukuyenera kugwirizana ndi apolisi."

"Ndinagwirizana nawo. Ndinawaimbira ndine, ndipo sitetimenti ndinapereka. Fayilo imatuluka ndi lamulo la woweruza. Muli nalo?"

"Titha kukutengani chifukwa chotchinga ntchito ya apolisi."

"Nditengeni. Ndivale juzi kaye, ndamva kuti kwanuko kumazizira. Koma kabatiyo ikhala yokhoma, ndipo ndikufuna dzina lanu ndi nambala yanu, ndiwauze akuluakulu anu kuti mwabwera kudzafufuza mlandu uti."

Wapolisiyo anayang'ana nsapato zake. Chitayi anasiya kumwetulira.

"Munaulula kale. Chinsinsi chinasweka. Mukusunga chiyani, zigoba?"

"Ndinatsegula zenera kuti munthu asapse. Sindinagwetse nyumba. Mwanena za mwana. Ngati muli ndi umboni woti mwanayo akuzunzidwa kapena ali pangozi, nenani pano, ndiimbira a zoteteza ana inu muli pomwepo, ndipo adzafufuza nyumba zonse ziwiri. Yanunso."

"Mukudziwa kuti ndingakuchotsetseni ntchito?"

"Yesani. Ofesi ya mkulu wa chipatala ili pamwamba, kumanzere. Masitepe ake ndi oterera, muyende bwino."

Mawu amenewo anatuluka asanawagwire, ndipo anaona khosi la Chitayi likufufuma pamwamba pa tayi. Atatuluka anthuwo, phungu anaimbira mkulu wake n'kumuuza zonse, ndi za masitepe zomwe. Mkuluyo anamuyankha modekha.

"Fayilo mwachita bwino. Za masitepezo mwalakwitsa. Mwamuonetsa kuti mukudziwa kanthu, ndipo kanthuko munakamva m'chipinda chimenecho."

"Ndikudziwa."

"Tikambirana Lolemba. Ndipo nkhani ya kukhotiyi musapite nokha, ndilankhula ndi loya wa chipatala."

Chitayi sanangoopseza. Loya wake anakapempha khoti, ndipo samani inabwera yoti phungu akaonekere ndi zolemba zake. Phungu anaimbira a Sipanala kuti awadziwitse. Foni inalira mpaka kuduka. Anatumiza uthenga wachidule wonena za samaniyo ndi kuti akapempha woweruza kuti asatsegule zonse. Sanayankhe.

Khoti la za mabanja linali kachipinda kotentha ka mabenchi atatu. Woweruza anali mayi wa magalasi okhuthala amene ankaoneka kuti wamva mabodza a mtundu uliwonse. Mzime anakhala kutsogolo, ndodo zake zitatsamira benchi. Kumbuyo kwake kunali a Sipanala, atavala jekete yaikulu kuposa mapewa awo. Sanamuyang'ane phungu.

Loya wa Chitayi anapempha kuti fayilo yonse iwerengedwe. Loya wa chipatala anatsutsa, ndipo woweruza anafunsa phungu ngati ali ndi chonena. Anaimirira, envulopu yomata ili m'manja.

"Wolemekezeka, mukalamula ndipereka, pakuti mwini nkhaniyi ndinamuuza kuyambira tsiku loyamba kuti khoti ndimalimvera. Koma ndikupempha kuti muyambe mwawerenga nokha, ndipo mutulutse zokhazo zokhudza mlandu uno. Munthuyu anabwera kwa ine kudzafuna tulo. Analankhula za moyo wake wonse chifukwa ndinamuuza kuti n'zotheka kutero. Zimene zinali zoopsa ndinaulula kale tsiku lomwelo, iye akumva. Zotsalazo zikamwazidwa pano, mawa bambo wina wokwiya sadzabweranso kudzanena zimene akuganiza. Adzangokachita."

"Mukuphunzitsa khoti ntchito?" anafunsa loya wa Chitayi.

"Ndikunena za ntchito yanga. Yanu sindiidziwa."

Woweruza anatambasula dzanja. Phungu anapereka envulopu, ndipo khoti linapuma. Atabwerera, woweruza ananena kuti wawerenga. Zolemba za Lachinayi lija zilowa mu umboni, pakuti zikukhudza nyumba imene mwana angakakhalemo. Zina zonse ndi zimene bambo ankamva ndi kuganiza, si umboni wa dokotala wa mayi wa mwanayo, ndipo zibwerera m'kabati. Ngati wina akufuna kunena za thanzi la mayiyu, mayiyu ali pomwepo, afunsidwe yekha.

Mzime sanadikire kufunsidwa. Anagwira benchi n'kudzikoka mpaka kuimirira, osatenga ndodo.

"Ndinena ndekha, wolemekezeka. Za mapilisi zimene akufunazo, n'zoona, ndinasonkhanitsapo. Dokotala wanga akudziwa, ndipo kalata yake ndabwera nayo. Koma mundilole ndiyambire pamasitepe, chifukwa mapilisiwo anayambira pamenepo."

Analankhula nthawi yaitali. Chitayi anayesa kudula mawu, woweruza n'kumuuza kuti akatsegulanso pakamwa akamvera panja. Pomaliza woweruza analamula kuti a zoteteza ana akayendere nyumba zonse ziwiri, kuti pakadali pano mwana azikhala kwa mkulu wake wa Mzime komwe Mzime asamukire, ndipo kuti nkhani ya masitepe ipite kupolisi. A Sipanala aziona mdzukulu wawo pokhapokha pali munthu wina wamkulu, kufikira lipoti litabwera. Phungu anaona mapewa a jekete ija akugwa.

Panja, pakhonde la khoti, phungu ankadikira loya wa chipatala pamene a Sipanala anadzaima pafupi naye. Anayang'ana kumsewu, osati kwa iye.

"Ntchito yanga yapita," anatero. "Mdzukulu wanga ndizimuona ngati mkaidi."

"Ndamva, bambo. Zikundipweteka."

"Koma simukupepesa."

"Ayi. Litabweranso tsiku lija ndingaimbenso."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza vuto la injini pomwe ankaliganizira. "Mumafuna kudziwa ngati ndikanachitadi."

"Ndimadzifunsa."

"Muzidzifunsabe. Chimenecho sindiuza munthu." Anakonza kolala ya jekete. "Tulo tathawanso. Mzime akuti ndisasiye zauphunguzi, akuti apo ayi sandilankhula. Koma kwa inu sindibwera. Ndipezereni wina. Wamwamuna, wachikulire, wosayankha msanga ngati inu."

"Alipo, kuchipatala cha kutsidya kwa njanji. Ndimuuze za inu, kapena mukayambe nokha?"

"Musamuuze kanthu. Ndili ndi pakamwa."

"Ndingomuuza kuti kukubwera munthu. Koma za Lachinayi lija ayenera kuzidziwa. Mukamuuze nokha, kapena mundilole ndimuuze ine."

"Mayi inu simutopa?" Anapumira m'mwamba. "Ndikamuuza ndekha. Mukamufunse ngati mukukayika, ndakulolani."

Mzime anatulukira pakhomo, ndodo zikugogoda simenti, mkulu wake atanyamula chikwama. Pamasitepe a khoti anaima. A Sipanala anathamangira kukamugwira mkono, iye n'kuwakankha ndi chigongono.

"Ndisiyeni, ababa. Nditsika ndekha."

Anatsika, sitepe imodzi imodzi, bambo ake akutsika chammbuyo kutsogolo kwake, manja ali tambasu, akumukalipira kuti akuponda molakwika. Loya wa chipatala anatuluka n'kufunsa phungu ngati akufuna kumutengako pagalimoto. Phungu anayang'ana wotchi. Anali ndi munthu womudikira masana amenewo, mayi watsopano amene anamwino anati walira kuyambira mmawa. Anaika envulopu m'chikwama, n'kutseka zipi.

"Tiyeni," anatero. "Koma muthamangeko."